Mwapemphedwa kulalikira pamaliro: konzani chonchi uthenga wa kuuka kwa akufa

Foni yanga ikalira usiku kwambiri, nthawi zambiri ndimadziwiratu nkhani yake. Amakhala mkulu wa mpingo amene wangosankhidwa kumene, mawu akunjenjemera: "Akulu, kwagwa zovuta kudera kwathu, abusa ali kutali, ndiye akuti mawa ndilalikire ndine. Ndikanene chiyani?" Ndayankha funso limeneli kambirimbiri, pafoni ndi pansi pa mtengo tikaweruka kutchalitchi, ndiye ndaganiza zolilemba kamodzi kuti aliyense amene zamugwera aziwerenga yekha. Mipingo yathu yambiri ili ndi mbusa mmodzi pa nyumba zopemphereramo zingapo, choncho maliro ambiri amayendetsedwa ndi akulu ampingo, ndipo ambiri a ife palibe amene adatikhazika pansi kutiphunzitsa.

Chinthu chimodzi muchigwire kuyambira pano. Pamaliro pamabwera khamu, koma uthenga wanu mukuukonzera anthu ochepa aja akhala pamphasa pafupi ndi bokosi: mkazi kapena mwamuna wamasiye, ana, makolo. Khamu lidzamva nawo.

1. Pitani kusiwa musanasankhe ndime

Siwa ndi nyumba ija anamfedwa asonkhanamo, m'mene amayi amachezera usiku wonse akuimba, abambo ali panja kuwotha moto. Fikani kumeneko madzulo ake, pepesani, khalani pansi. Musafulumire kuyankhula. Anzake a Yobu adakhala naye masiku 7 osanena kanthu (Yobu 2:13), ndipo adayamba kumulakwira atatsegula pakamwa.

Mukakhalako pang'ono, tengerani pambali mwini mbumba kapena wamkulu amene akuyendetsa zinthu kubanjako, mumufunse modekha. Dzina lenileni la malemu ndani, ndipo anthu ankawatchula bwanji? Anali ndi zaka zingati? Adadwala nthawi yaitali kapena imfa yadza mwadzidzidzi? Asiya ndani? Kenako funsani mlembi wa mpingo kuti malemu anali pati m'mabuku: wodya Mgonero, wa m'kalasi, wapachilango, kapena adaleka kalekale kubwera. Tcheraninso khutu ku zonong'onezana za pamoto paja. Ngati pali mnong'onong'o wakuti imfayi ili ndi mwini wake, kapena akuchimuna ndi akuchikazi ayamba kale kuyang'anizana za katundu, muyenera kudziwa, kuti mawu anu asakathire mafuta pamoto osadziwa.

Cholakwa chofala apa ndi kutulutsa ulaliki wakale m'chikwama. Uthenga umene udatonthoza ana a agogo a zaka 90 ukhoza kubaya mtima wa mayi amene wataya mwana wa zaka 4.

2. Sankhani ndime imodzi yokha

Pamaliro mitu ya anthu imakhala yolemera. Agona panja, ena sanadye, ena ayenda usiku wonse. Mavesi 12 ochokera uku ndi uku sawagwira. Tengani ndime imodzi, mukhale nayo mpaka kumapeto.

Imfa ikakhala yadzidzidzi, ndipo anthu akufunsa kuti Mulungu anali kuti, ine ndimapita ku Yohane 11:17-27. Akakhala Mkhristu wodziwika amene wagona mumtendere, 1 Atesalonika 4:13-18 imayenera bwino, chifukwa Paulo adalembera mpingo umene udali ndi nkhawa yeniyeni yokhudza abale awo amene adamwalira Ambuye asanabwere. Munthu amene matenda adamudya mpaka kutsala mafupa, ndipo abale atopa ndi zimene maso awo aona, werengani 1 Akorinto 15:35-44, pamene akunena za thupi lofesedwa lofooka n'kuukitsidwa lamphamvu. Kwa mwana wamng'ono, Marko 10:13-16, ndi mawu a Davide pa 2 Samueli 12:23 akuti iye adzapita kumene kuli mwanayo.

Ahebri 9:27 ndi nkhani ya mwini chuma ndi Lazaro pa Luka 16 ndi Mawu a Mulungu ndithu, koma ndaona kawirikawiri zikusanduka chikwapu. Mlaliki amaona khamu limene Lamulungu silibwera, ndiye amati lero ndawapeza. Amayamba kukalipira oledzera ndi achigololo, "chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," mphindi 40 zathunthu, mayi wamasiye ali pomwepo osamva ngakhale liwu limodzi lolunjika kwa iye. Kuitanira anthu kwa Khristu kuli ndi malo ake mu uthengawu, ndipo ndikuonetsani pamene pali.

Werengani ndimeyo mokweza kunyumba kawiri kapena katatu. Ngati mpingo wanu udazolowera Buku Lopatulika, onani mawu akale amene achinyamata sangamve, monga "chivundi," mukonzeretu mawu osavuta owamasulira.

3. Siyanitsani kumene akufa ali tsopano ndi kuuka kwa tsiku lomaliza

Maulaliki ambiri a pamaliro amathera pa mawu akuti "wapita kumwamba, akupuma," ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Koma m'Chikhulupiriro cha Atumwi timavomereza kuuka kwa thupi ndi moyo wosatha. Thupi lomweli lili m'bokosili, limene amayi alisambitsa m'mawa uno, Mulungu sadathane nalo.

Pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi cha tsopano: wokhulupirira akamwalira ali m'manja mwa Ambuye. Yesu adauza wachifwamba pamtanda kuti lero lomwe adzakhala naye m'Paradaiso (Luka 23:43), ndipo Paulo adati kuchoka ndi kukakhala ndi Khristu ndiko kwabwino koposa (Afilipi 1:23). Pa mfundo imeneyi mipingo imaphunzitsa mosiyana. A Seventh Day amati akufa ali m'tulo osadziwa kanthu mpaka tsikulo, Akatolika amapempherera mizimu ya omwalira, ife a CCAP sititero. Nenani chiphunzitso cha mpingo wanu mwachidule, osanyoza ena, chifukwa onsewo akhala pomwepo ndipo abwera kudzalira nanu.

Chachiwiri ndi chimene tonse tikudikira, ndipo apa ndi pamene muyenera kukhalitsa: Ambuye adzabwera, akufa mwa Khristu adzauka. Maziko ake ndi akuti Yesu mwini adauka. Paulo akumutcha chipatso choyamba cha iwo akugona (1 Akorinto 15:20). Mlimi aliyense amadziwa kuti akathyola chimanga choyamba chachiwisi m'munda, ndiye kuti munda wonse uli m'njira. Ndiponso Paulo yemweyo akupereka fanizo limene kwathu kuno silifuna kumasulira: mbewu. Mu Novembala kapena Disembala timatenga njere youma, kuikwirira m'nthaka, n'kuchokapo. Njereyo imavunda, ndipo chimene chimatuluka sichifanana ndi chimene tidakwirira, komabe ndi chimanga chomwecho. Mukanena zimenezi anthu akuona dothi lofiira limene adzukulu aunjika m'mbali mwa dzenje, amamva.

Mukasiya mbali imeneyi, mwatonthoza anthu ndi theka la uthenga. Mayi amene akulira akulirira nkhope, mawu, manja a mwana wake. Chibvumbulutso 21:4 chikulonjeza tsiku limene imfa yeniyeniyo sidzakhalaponso.

4. Munene chiyani za malemu

Apa ndi pamene pamavuta, ndipo ndi pamene ambiri ondiimbira foni amafuna kufika ngakhale sanena msanga. Malemu akakhala mayi wa Chigwirizano kapena wa Mvano amene mudzi wonse ukumuchitira umboni, amayi anzake atavala yunifolomu azungulira bokosi, ntchito ndi yopepuka. Nanga akakhala munthu amene adaleka kupemphera zaka zapitazo? Amene anali pachilango? Amene aliyense akudziwa kuti mowa ndiwo wamutsiriza? Amene wadzipha?

Choyamba, funsani abusa kapena akulu anzanu zimene malamulo a mpingo wanu amalola pa maliro otere, chifukwa mipingo imasiyana pa mwambo umene imachita. Musalonjeze banja chinthu chimene mulibe nacho mphamvu. Koma mukapatsidwa mpata woyankhula, pali maenje awiri oti muwalambalale.

Dzenje loyamba ndi kumulowetsa munthu kumwamba ndi pakamwa panu. Chifundo chimakukokani, mumaona ana akulira, n'kunena kuti "bambo anu pano akuimba ndi angelo." Anthu amene ankamudziwa amayang'ana pansi. Mkazi wake, amene mwina ankamenyedwa, amadziwa kuti mukunama, ndipo mukafika pa zoona zija za kuuka kwa akufa amaziika m'thumba lomwelo la mawu okometsera maliro.

Dzenje lachiwiri ndi kumuponya kumoto. Ndidakhalapo pamaliro ena pamene mlaliki adaloza bokosi ndi chala, n'kunena kuti kumene uyu wapita tonse tikukudziwa. Mwana wamkazi wa malemuyo, wa zaka ngati 15, adadzuka n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Banja lonselo silidapondenso kutchalitchi. Mlaliki uja sankadziwa zimene zidachitika pakati pa munthuyo ndi Mulungu wake usiku womaliza kuchipatala, ndipo inunso simudziwa. Wachifwamba uja, anthu amene adaima patali adangoona chigawenga chikufa.

Njira yodutsa pakati ndi iyi. Za malemu nenani zoona zokhazokha, zimene anthu angavomereze ndi mutu: ankakonda ana ake, sankasowa pamaliro a anzake, adamangira mayi ake nyumba. Munthu aliyense ali ndi kanthu kena koona koti muthokozere Mulungu. Za kumene wapita, mumupereke m'manja mwa mwini wake. Ine ndimanena motere: "Mbale wathuyu wachoka m'manja mwathu, ali m'manja mwa Mulungu amene amamudziwa kuposa ife tonse, amene adaona zimene ife sitidaone. Abrahamu adafunsa kuti kodi Woweruza wa dziko lonse lapansi sadzachita zoyenera? Adzachita zoyenera." Mawu amenewo ali pa Genesis 18:25. Mukatero tembenukani, muchotse maso pabokosi, muyang'ane amoyo, mulankhule za Yesu. Kulemera kwa chiyembekezo kukhale pa Iye amene adauka, osati pa mbiri ya malemu.

Pali mawu ena amene timawanena mwachizolowezi koma amapweteka. "Mulungu wathyola duwa lake" kwa mayi wotaya mwana amamveka ngati Mulungu ndi wolanda. "Musalire" ndi lamulo limene Paulo sadapereke: iye adati tisalire monga iwo amene alibe chiyembekezo, ndiye kuti kulira kulipo, koma kwa mtundu wina. Ndipo musayese kufotokoza chifukwa chake munthuyo wafa. Ophunzira atafunsa kuti adachimwa ndani, munthuyo kapena makolo ake, kuti abadwe wosaona, Yesu adakana zonse ziwiri (Yohane 9:1-3). Baibulo limatcha imfa mdani (1 Akorinto 15:26). Itchuleni choncho, musaikometse.

Ngati kuli manong'onong'o a ufiti, musatchule munthu, musaloze mbali, ngakhale mophiphiritsa. Nenani kuti makiyi a imfa ndi manda ali ndi Yesu (Chibvumbulutso 1:18), palibe munthu wa m'mudzi muno amene ali nawo. Zotsalazo ndi zokambirana ndi amfumu ndi akubanja tsiku lina, pansi, anthu ataphwa mtima.

5. Yalani uthengawo: chitsanzo cha Yohane 11

Ndikupatseni maliro amodzi amene ndidalalikirapo. Anali mnyamata wa zaka 34, wa kabaza wa njinga yamoto, adagundidwa ndi lole madzulo akubwerera kunyumba. Adasiya mkazi ndi ana atatu, ndi mayi ake amene iye ndiye ankawagulira feteleza. Adabatizidwa ali mwana, koma panali patatha zaka ziwiri osaoneka kutchalitchi. Usiku kusiwa ndidamva mkazi wake akulira mobwerezabwereza kuti, "Mukadandimvera, mukadaweruka msanga." Mawu amenewo ndiwo adandisankhira ndime.

Ndidayamba ndi kulira kwawoko, pafupifupi mphindi 4. Ndidatchula dzina la malemu, ndidatchula mayi ake, mkazi wake ndi ana mmodzimmodzi. Ndidati m'mudzi wa Betaniya mudalinso mawu akuti "mukada." Marita adauza Yesu kuti, Ambuye, mukadakhala kuno mlongo wanga sakadafa, ndipo Mariya adabwereza mawu omwewo. Yesu sadawadzudzule. Popita kumanda adalira, ngakhale ankadziwa chimene ati achite. Pamenepo ndidaona mkazi uja akukweza mutu.

Kenako, mphindi 8 kapena 9, mtima wa uthenga. Betaniya udali pafupi ndi Yerusalemu, mtunda wa makilomita ngati 3, ndipo anthu ambiri adabwera kudzapepesa monga tachitiramu. Lazaro adali atagona m'manda masiku 4, moti Marita adachenjeza kuti wayamba kununkha. Palibe amene akadanena kuti wangokomoka. Marita ankadziwa kale chiphunzitso, adati ndidziwa kuti adzauka tsiku lomaliza, koma chidali chinthu chakutali. Yesu adachikokera pafupi: "Ine ndine kuuka ndi moyo." Ndidawauza kuti Lazaro adaukitsidwa koma adadzafanso, chidali chizindikiro chabe. Yesu ndiye adauka osadzafanso (Aroma 6:9), ndipo mawu amene adaitana Lazaro ndi dzina adzamveka m'manda onse, ndi kumanda kuno komwe. Apa ndi pamene ndidalowetsa fanizo la mbewu lija.

Za malemu ndidatenga mphindi 2 zokha. Ndidanena zoona: mayi ake sadagonepo ndi njala iye ali moyo, ndipo anzake a pasiteji adasonkha ndalama ya bokosi chifukwa iyenso ankasonkhera ena. Ndidamupereka m'manja mwa Woweruza wolungama ndi wachifundo, osaonjezera.

Pomaliza ndidatenga funso limene Yesu adafunsa Marita pa vesi 26, lakuti kodi ukhulupirira ichi, n'kulipereka kwa amoyo. Apa ndi pamene pali malo a kuitanira anthu kwa Khristu, ndipo onani kuti Yesu adafunsa funsoli mofatsa kwa munthu wolira. Anyamata a kabaza adali ataima kumbuyo ndi zipewa zawo m'manja. Ndidawauza kuti khomo n'lotsegula, ndipo mpingo ndidaukumbutsa Yakobo 1:27, kuti ana atatuwa ndi mayi awo tsopano ndi udindo wathu. Zonse pamodzi zidatenga mphindi 18.

Lembani mfundo zanu pa kapepala kamodzi koti kalowe m'Baibulo. Chiganizo choyamba ndi chomaliza mulembe chathunthu, chifukwa mantha amagwira poyamba, ndipo kusadziwa pothera ndiko kumatalikitsa ulaliki.

6. Sungani nthawi, samalani mawu

Inu mumaimirira anthu atamva kale amfumu, akubanja, akuntchito, mbiri ya malemu ndi mndandanda wa chipepeso, nthawi zina andale nawonso. Dzuwa lili pamutu, adzukulu akhala kumanda kuyambira mbandakucha, ena akufuna kukapeza galimoto yobwerera kutauni. Mphindi 15 mpaka 20 zakwana. Mwambo ukachedwa kapena mitambo ikada, dulani mpaka 10, ndipo chodula chikhale china chilichonse koma osati mbali ya kuuka kwa akufa.

Yambani ndi ulemu wa pamalopo: amfumu, anamfedwa, atsogoleri a mipingo ina ndi a zipembedzo zina amene alipo. Musabwereze mbiri imene yawerengedwa kale. Imani poti anamfedwa akuoneni nkhope, osawapatsa msana pofuna kuyang'ana khamu. Ngati pali chimkuzamawu, musakuwe. Wina akayamba kulira mokweza pakati pa ulaliki, imani kaye, amayi ayambitse nyimbo vesi limodzi, kenako pitirizani pamene mudalekezera. Misozi ikakubwerani inuyo, musachite nayo manyazi, pumani pang'ono.

7. Kumanda, ndi masiku otsatira

Kumanda musalalikirenso kachiwiri. Bokosi likatsitsidwa, tsatani mawu a m'buku la mapemphero la mpingo wanu, werengani mavesi awiri kapena atatu, monga 1 Akorinto 15:51-57 kapena 1 Atesalonika 4:16-18, n'kupemphera mwachidule. Nthawi imene dothi loyamba limagunda bokosi ndi imene imapweteka koposa, ndipo kulira kumabuka mwatsopano. Musapikisane nako. Dikirani, adzukulu agwire ntchito yawo, nkhata ziikidwe, mudalitse anthu.

Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, alendo atabalalika ndipo mapoto obwereka atabwezedwa, bwererani kunyumba ija ndi mkulu mnzanu kapena amayi awiri a mpingo. Musadabwe mukapeza kuti anamfedwa sakukumbuka zambiri za ulaliki wanu, tsiku lija makutu amakhala otseka. Tengani Baibulo lomwe lija, mutsegule ndime yomwe ija, muwerenge pang'onopang'ono pakhonde. Mkazi wa mnyamata wa kabaza uja adandifunsa tsiku limenelo ngati mwamuna wake adzauke ndi mabala a ngozi aja, chifukwa iye ndiye adakazindikira thupi kuchipatala ndipo chithunzi chake chinkamulepheretsa kugona. Tidatsegula 1 Akorinto 15:42-44, ndidamupempha kuti awerenge yekha mokweza, ndipo atamaliza adapempha cholembera kuti alembe mavesiwo kuseri kwa kope la mwana wake.